Fulashi ikuoneka yopanda kanthu koma kompyuta ikuti ndi yodzaza: mafayilo ali kuti?

Mwalowetsa fulashi mu kompyuta, mwaitsekula, ndipo pa sikirini pangolembedwa kuti "This folder is empty". Koma mukayang'ana pa This PC, kamzere kosonyeza malo ndi kodzaza, mwinanso kafiira. Musathamangire kufomata, musakoperemo chinthu chatsopano, ndipo Windows ikafunsa ngati mukufuna kuti ikonze fulashiyo, yambani mwakana. Nambala ya malo odzaza ija ndi nkhani yabwino, chifukwa nthawi zambiri ikutanthauza kuti katundu wanu akadali momwemo. Chimene chasokonekera ndi njira yomuonera.

Chifukwa chake manambala awiriwa amatsutsana

Fulashi imasunga mabuku awiri osiyana. Loyamba limalemba tizigawo ta malo timene tagwiritsidwa ntchito ndi timene tili topanda kanthu. Tizigawoti ndi makilasita, ndipo pa fulashi ya 16 GB ya FAT32, womwe ndi mtundu umodzi wa kalembedwe ka mabukuwa, kalikonse kamakhala ka 8 KB kapena 16 KB. Buku lachiwiri ndi mndandanda wa mayina: dzina la fayilo, kukula kwake, kilasita imene fayiloyo yayambira, komanso zizindikiro zouza kompyuta ngati fayiloyo ionetsedwe kapena ibisidwe. Zili ngati pa resitihausi pamene pali bolodi la makiyi ndi kaundula wa alendo. Bolodi likhoza kusonyeza kuti zipinda zonse zatengedwa, koma tsamba la kaundula litang'ambika kapena litamatidwa, wolandira alendo sangakuuzeni amene wagona m'chipinda chilichonse.

Kompyuta ikamanena za malo odzaza imawerenga buku loyamba. Ikamaonetsa mafayilo imawerenga lachiwiri. Choncho funso ndi limodzi lokha: kodi mayina abisidwa, kapena awonongeka? Akakhala obisidwa, ntchito yake ndi ya mphindi zochepa ndipo simutaya kanthu. Akakhala owonongeka pamafunika kudekha, chifukwa kukonza mopupuluma n'kumene kumamaliziratu katundu.

Kuyeza koyamba, kosasintha chilichonse

Onani chilembo chimene Windows yapatsa fulashi yanu. Pano tigwiritsa ntchito E, koma kwa inu chikhoza kukhala D, F kapena G, ndipo muzilemba chanucho m'malamulo onse ali m'munsimu. Dinani fulashiyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, ndipo lembani papepala nambala yaitali imene ili pa Used space, ya mabayiti ija. Kenako dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, dinani Enter. Pa windo lakuda limene latuluka lembani izi:

```
dir /a /s E:\
```

Kachidutswa ka /a kakuuza kompyuta kuti itchule chilichonse, chobisika ndi choonekera chomwe, pamene /s ikuti ilowenso m'mafoda onse. Lamuloli limangowerenga, sililemba kanthu pa fulashi. Mizere ithamanga kwa kanthawi, ndipo pamapeto pake mupeza mawu oti Total Files Listed, pansi pake pali chiwerengero cha mafayilo ndi mabayiti awo onse.

Tiyerekeze fulashi ya 16 GB imene Windows ikuti kukula kwake ndi 14.4 GB, malo odzaza 11.3 GB, otsala 3.1 GB. Kuchepa kwa 16 kufika pa 14.4 kusakudetseni nkhawa: opanga amawerenga GB imodzi ngati mabayiti 1,000,000,000, Windows imawerenga 1,073,741,824, ndipo malo ena amatengedwa ndi fulashi yeniyeniyo. Pa chifukwa chomwechi, 11.3 GB ikalembedwa m'mabayiti imakhala pafupifupi 12,130,000,000. Tsopano lamulo lija likatha n'kunena chonchi:

```
Total Files Listed:
    3412 File(s) 12,098,551,204 bytes
```

ndiye kuti manambala agwirizana. Mafayilo onse alipo, ndi mayina awo, angobisidwa. Kusiyana kwa mabayiti mamiliyoni 30 kapena kuposerapo pang'ono si vuto, popeza fayilo iliyonse imatenga makilasita athunthu ngakhale ikhale yaing'ono chotani, ndipo mafoda nawonso amadya malo. Koma likanena kuti File Not Found, kapena likapeza mafayilo awiri atatu a mabayiti ochepa, kapena likaonetsa mayina a zilembo zosawerengeka okhala ndi madeti osamveka, mndandanda wawonongeka. Pamenepo dumphani mpaka pa gawo la "Mndandanda ukawonongeka".

Mafayilo akabisidwa ndi vayirasi

Ili ndiye vuto limene limapezeka kawirikawiri, makamaka pa fulashi yoyendayenda: lero kosindikizira mapepala, mawa ku labu ya sukulu, mkuja kobenera nyimbo ndi mafilimu. Vayirasi ya shotikati nthawi zambiri sifufuta mafayilo, chifukwa imawafuna. Imawabisa, kenako imapanga mashotikati a mayina omwewo, okhala ndi kamuvi pakona. Mukadina shotikati, foda yanu imatsekuka ndithu, koma pa nthawi yomweyo vayirasi imakhala yalowa mu kompyuta imeneyo. Mitundu yodziwika imene imachita zimenezi ndi monga Jenxcus ndi Gamarue.

Nanga fulashi imafika bwanji pooneka yopanda kanthu? Antivayirasi ikapeza mashotikatiwo imawachotsa pamodzi ndi vayirasiyo, koma nthawi zambiri sibwezeretsa mafayilo poyera. Munthu amaona uthenga woti zoopsa zachotsedwa, n'kutsekula fulashi, n'kupeza mbee. Ambiri amaganiza kuti antivayirasi yadya katundu wawo, chonsecho yangochotsa zitseko zabodza zija.

Anthu ambiri amayesa kusankha Hidden items mu File Explorer, osaona kanthu, n'kutaya mtima. Chifukwa chake n'chakuti vayirasi imaika zizindikiro ziwiri pa fayilo iliyonse: Hidden ndi System. Fayilo yokhala ndi zonse ziwiri Windows imaitenga ngati chiwalo chake chofunika kutetezedwa, ndipo Hidden items yokha siyitulutsa. Kuti muione, dinani Windows ndi R, lembani control folders, pitani pa View, sankhani "Show hidden files, folders, and drives", kenako chotsani chizindikiro pa "Hide protected operating system files (Recommended)". Ikachenjeza, vomerani. Mafoda anu aoneka otuwa ngati ozimiririka. Mukalowa mu Properties ya foda imodzi mupeza kabokosi ka Hidden kali kozizira, kosadinika, ndipo chimene chakamanga ndi chizindikiro cha System chija. N'chifukwa chake njira yachidule ndi lamulo ili:

```
attrib -h -r -s /s /d E:\*.*
```

Apa -h ikuchotsa kubisika, -r ikuchotsa chiletso cholemba, -s ikuchotsa chizindikiro cha System, /s ikulowa m'mafoda amkati, ndipo /d ikuti mafoda enieniwo akonzedwenso. Mukaiwala /d mafayilo amasulidwa koma mafoda akhalabe obisika, ndipo fulashi izionekabe yopanda kanthu. Mukalemba -h yokha popanda -s mupeza yankho loti Not resetting system file. Samalani mipata: pakati pa chidutswa chilichonse pali mpata umodzi. Lamuloli silionetsa kalikonse likamagwira ntchito, kachizindikiro kamangophethira, ndipo pa mafayilo masauzande angapo lingatenge mphindi zingapo. Dikirani mpaka mzere watsopano utuluke. Likadandaula kuti Access denied pa System Volume Information, zisiyeni, imeneyo ndi foda ya Windows, si yanu.

Pali kachenjerero kena kamene kamasokoneza ngakhale anthu ozolowera makompyuta. Gamarue ndi anzake amasamutsira katundu yense mu foda imodzi imene dzina lake ndi mpata wosaoneka, ndipo nthawi zina amaipatsa chithunzi cha diski kapena chosaoneka n'komwe. Mukamaliza attrib mumapeza fulashi ili ndi chinthu chimodzi chopanda dzina. Chidineni kamodzi, dinani F2, chipatseni dzina, ndipo katundu mumupeza mkatimo. Chikakana, lembani dir /a /x E:\ kuti muone dzina lake lalifupi lothera ndi ~1, n'kuligwiritsa ntchito ndi lamulo la ren. Mayina afupiafupiwa amapezeka pa FAT32, koma pa mtundu wina wa mabuku wotchedwa exFAT kulibe. Pulogalamu ya 7-Zip nayo imathandiza, popeza windo lake limaonetsa zobisika zonse ndipo mungakopere kuchokera momwemo.

Mafayilo akaoneka, akopereni kaye pa kompyuta yoyera musanachite china. Pokopera sankhani zanu zokha. Siyani chilichonse chothera ndi .lnk, .vbs, .vbe, .js, .scr kapena .exe chimene simunaikemo nokha, komanso autorun.inf. Yatsani File name extensions kuti mathero a mayina azioneka, chifukwa mavayirasi ena amavala chithunzi cha foda yachikasu pomwe ali .exe. Mashotikati otsala mungawachotse chonchi:

```
del /s E:\*.lnk
```

Zikabisikanso pakangopita masekondi

Mukaona mafayilo atuluka kenako n'kuzimiriranso, mashotikati n'kubwerera, ndiye kuti vayirasi ili mu kompyuta imene mukugwiritsa ntchitoyo, ndipo ikubwereza ntchito yake nthawi iliyonse ikaona fulashi. Chizindikiro china n'chakuti zimene mwasankha mu control folders zimabwerera zokha mukangotseka windo. Kubwereza attrib pamenepa n'kutaya nthawi.

Tsekulani Task Manager podina Ctrl, Shift ndi Esc, pitani pa Details, ndipo fufuzani wscript.exe. Iyi ndi pulogalamu yeniyeni ya Windows, koma mavayirasi a .vbs ndi .js amakwera pa iyo, ndipo pa kompyuta wamba siyenera kumangoyenda tsiku lonse. Iimitseni ndi End task. Kenako onani pa Startup mu Task Manager momwemo, komanso foda imene imatsekuka mukalemba shell:startup pa Windows ndi R, n'kuchotsa zachilendo zimene zikuloza ku AppData kapena Temp. Malizani ndi kusesa kompyuta yonse. Mu Windows Security muli Microsoft Defender Offline scan, imene imazimitsa kompyuta n'kuisesa Windows isanadzuke, nthawi imene vayirasi singadziteteze. Antivayirasi imene yatha miyezi osalandira zatsopano pa intaneti musaidalire.

Ngati muli pachangu, pitani pa makina amene vayirasi ya Windows singagwirepo ntchito. Linux imaonetsa mafayilowa ngati palibe chinachitika, chifukwa silabadira zizindikiro za Hidden ndi System. Foni ya Android yokhala ndi kachingwe ka OTG nayo nthawi zambiri imawaona.

Zinyalala za Mac ndi Linux

Nthawi zina kuyeza koyamba kuja kumaonetsa kuti malo onse adyedwa ndi foda yotchedwa .Trashes kapena .Trash-1000. Apa palibe vayirasi. Windows ikafufuta fayilo pa fulashi wamba imaichotseratu osaipititsa mu Recycle Bin, koma Mac ndi Linux zimangoisamutsira mu foda yobisika pa fulashi pomwepo. Munthu amafufuta mafilimu a 10 GB pa Mac, n'kuzula fulashi, malo osabwerera. Ibwezereni pa Mac n'kukhuthula Trash fulashi ili chilowetsere, kapena fufutani fodayo pa Windows mutaionetsa. Koma yambani mwasuzumiramo, mwina muli zimene zinafufutidwa mwangozi. Mafoda a .Spotlight-V100 ndi .fseventsd ndi a Mac, ndipo kawirikawiri ndi aang'ono.

Mndandanda ukawonongeka

Izi zimachitika fulashi ikazulidwa ikulemba, magetsi akathima pa desikitopu yopanda batire pamene mukukopera, kapena polowetsera pakakhala pogwedera. Kuyambira pa Windows 10 ya 1809, Windows imalemba pa fulashi mosasunga zambiri m'mbuyo kuti kuzula kusamawononge kwambiri, komabe kuzula kukopera kuli mkati kumawononga ndithu. Pa FAT32 ndi exFAT palibe buku lothandiza kubwerera pamene ntchito inadukira, monga zilili pa NTFS. Kilasita imodzi yosunga mayina a pamwamba ikalembedwa zolakwika, mafoda onse amasowa nthawi imodzi, chikhalirecho buku la malo likunenabe kuti makilasita awo ndi otengedwa.

Malangizo ofala amati thamangirani chkdsk ndi /f. Ife tikuti limeneli likhale lomaliza, chifukwa ntchito ya chkdsk ndi kugwirizanitsa mabuku awiri aja, osati kupulumutsa katundu wanu, ndipo zimene yasintha sizibwezeka. Ngati mukufuna kungoona kukula kwa vuto, lembani lopanda /f:

```
chkdsk E:
```

Likatero limangowerenga n'kunena ngati lapeza zolakwika, osakonza. Likayankha kuti fulashiyo ndi RAW, ndiye kuti ngakhale chiyambi cha mabuku sichikuwerengeka, ndipo chkdsk singathandize.

Ndondomeko yabwino ndi iyi. Ngati katunduyo ndi wofunika kwambiri, jambulani kaye fulashi yonse kukhala fayilo imodzi ndi pulogalamu monga Win32 Disk Imager, pogwiritsa ntchito batani la Read. Samalani kuti musadine Write, chifukwa limenelo limalemba pa fulashi. Pafunika malo ofanana ndi kukula kwa fulashi yonse, osati malo odzaza okha, choncho pa chitsanzo chathu konzani malo oposa 15 GB pa kompyuta. Mukakhala ndi chithunzichi mungayese njira zosiyanasiyana mopanda mantha.

Kenako gwiritsani ntchito TestDisk ndi PhotoRec, mapulogalamu aulere amene amabwera pamodzi. Yambani ndi TestDisk, chifukwa ikatha kuwerenga zotsala za mndandanda imakopera mafayilo ndi mayina awo. Ikalephera, PhotoRec ndiye imalowa. Iyo silabadira mndandanda n'komwe, imayenda kilasita ndi kilasita kufunafuna zizindikiro zoyambira mitundu ya mafayilo. Sankhani fulashi, sankhani Other pa mtundu wa mabuku, ndipo pa funso lotsatira pali msampha. Ikufunsani pakati pa Free ndi Whole. Free imafufuza malo opanda kanthu okha, zimene zimathandiza pa mafayilo ofufutidwa. Koma vuto lanu ndi losiyana: katundu wanu ali m'makilasita olembedwa kuti ndi odzaza. Mukasankha Free mudumpha 11.3 GB yonse ija n'kungopeza zinyalala zakale. Sankhani Whole.

Zopulumutsidwazo zisungidwe pa diski ina, osati pa fulashi yomweyo, apo ayi muzilemba pamwamba pa zimene mukuzifunazo. Zituluka m'mafoda otchedwa recup_dir.1, recup_dir.2 ndi ena otero, ndi mayina a manambala monga f0012345.jpg. Mayina akale ndi kasanjidwe ka mafoda sizibwerera. Zithunzi ndi zikalata zing'onozing'ono zimatuluka bwino kawirikawiri. Mavidiyo aakulu pa fulashi imene yakhala ikulembedwa ndi kufufutidwa kwa nthawi yaitali ndi amene amavuta, chifukwa zidutswa zake zimakhala zomwazikana ndipo PhotoRec imayembekezera kuti zikhale zotsatizana. Vidiyo yotere imayamba bwino n'kuima pakati.

Foda ya FOUND.000

Mwina chkdsk inayenda kale, kapena wina anavomera uthenga wa Scan and fix uja. Pamenepo kuyeza koyamba kungaonetse foda yobisika ya FOUND.000 yodzaza ndi mafayilo a FILE0000.CHK, FILE0001.CHK ndi ena, amene mabayiti awo akufanana ndi malo odzaza. Awa ndi mafayilo anu amene chkdsk inawapeza opanda mayina n'kuwapatsa ake. Pa FAT32 imafunsa kuti "Convert lost chains to files (Y/N)?" ndipo yankho loyenera ndi Y. Mukayankha N imamasula makilasitawo kukhala malo opanda kanthu, fulashi n'kuoneka yochira, katundu atatsala pang'ono kulembedwa pamwamba.

Koperani fodayo pa kompyuta n'kuyamba ndi mafayilo akuluakulu. Kuti mudziwe mtundu wake, tsekulani kope la fayilo yaing'ono mu Notepad n'kuona zilembo zoyambirira. Ikayamba ndi %PDF isintheni ithere ndi .pdf. Ikayamba ndi PK ndi .docx, .xlsx, .pptx kapena .zip, ndipo 7-Zip ikuonetsani: mukapeza foda ya word mkati ndi .docx, ya xl ndi .xlsx, ya ppt ndi .pptx. Mawu oti JFIF kapena Exif pafupi ndi poyambira akusonyeza .jpg, ID3 ndi .mp3, ftyp nthawi zambiri ndi .mp4. Mafayilo a mazana a MB musawatsekule mu Notepad, aponyeni mu VLC, imene imasewera vidiyo posayang'ana mathero a dzina.

Fulashi yonama kukula

Pali mtundu umodzi umene palibe pulogalamu ingaupulumutse. Mafulashi ena otchipa mokayikitsa amalembedwa 64 GB kapena 128 GB pomwe mkati muli 8 GB, ndipo kachipangizo kake kanakonzedwa kuti kazinamiza kompyuta. Poyamba zonse zimayenda bwino. Mukadutsa malo enieniwo, zimene mukukopera zimatayidwa, kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale, nthawi zina pa mndandanda weniweniwo. Buku la malo limapitiriza kuwerenga kuti mwadzaza 40 GB, koma mafoda atsopano amatsekuka opanda kanthu ndipo mafayilo amakana kutsekuka. Muikayikire fulashi ngati ndi yatsopano, vuto linayamba mutangokopera katundu wambiri koyamba, ndipo zoyambirira kukopera zili bwino pamene zomalizira zonse ndi zakufa. Zimene zinapitirira malo enieni sizinasungidwe n'komwe, choncho musalipire munthu kuti azifufuze.

Kufomata, katundu atatuluka

Mukatsimikiza kuti zimene mwakopera zikutsekuka, osangoona mayina koma kutsekula zingapo za mitundu yosiyana, fomatani fulashiyo pa kompyuta yoyera. Dziwani kusiyana kwake: Quick Format imangolemba mabuku atsopano, ndipo PhotoRec ikhozabe kupeza zakale. Mukachotsa chizindikiro pa Quick Format, Windows kuyambira pa Vista imalemba maziro pa fulashi yonse, ndipo palibe chobwerera. Sankhani FAT32 ngati fulashi izigwira pa wailesi ya m'galimoto kapena TV yakale, koma kumbukirani kuti silandira fayilo imodzi yofika 4 GB. Pa mafayilo aakulu sankhani exFAT.

Ikadali yopanda kanthu, iyeseni ndi H2testw pa Windows kapena F3 pa Linux. Pulogalamuyi imadzaza malo onse ndi mafayilo oyesera n'kuwawerenganso, ndipo pa fulashi yochedwa ingatenge ola kapena kuposa. Ikamaliza popanda cholakwika, fufutani mafayilo a .h2w n'kupitiriza kuigwiritsa ntchito. Ikanena kuti gawo lina latayika, kaya chifukwa fulashi ndi yonama kapena yatopa, musaikemonso chinthu chimene mulibe kope lake kwina. Chimodzimodzi fulashi imene imazimazima yokha, imatentha kwambiri, kapena yayamba kunena kuti "The disk is write-protected" popanda kabatani kotsekera: koperani zimene zikuwerengeka lero lomwe, kuyambira ndi zikalata zing'onozing'ono, mavidiyo pambuyo.